Bwana akufuna nambala imodzi: memo yofotokoza kuti ulosi ungaphonye ndiilembe bwanji?

Mlembi_Watsopano

Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndili m'gulu lolosera ndalama za msonkho ku unduna wa zachuma. Tawerengetsa kuti chaka chamawa boma litolera mabiliyoni 1,000. Bwana amene amayang'anira za bajeti andituma kuti ndilembe memo ya tsamba limodzi yofotokoza kuti nambalayi angaidalire mpaka pati. Yoyamba ndinalemba masamba atatu, muli matebulo awiri ndi mawu onse amene tinaphunzira kusukulu. Yabwerera atalemba ndi cholembera chofiira pambali kuti, "Ndiye ndi 1,000 kapena ayi?" Bwanayu si mbuli, anaphunzira za kayendetsedwe ka boma, koma masamu athuwa alibe nawo nthawi. Ndinene bwanji kuti tikhoza kuphonya, koma asaone ngati sitidziwa ntchito? Akufuna memoyi Lachisanu.

Tsabola_Wakale

Auzeni kuti ndi 1,000 basi. Zikadzavuta mudzati zinthu zinasintha. Aliyense amatero.

Gogo_wa_Bajeti

A Tsabola, musamuphunzitse mwana zimenezo. Ndagwira ntchito yotereyi mpaka kupuma, ndipo amene amapereka nambala imodzi yopanda chenjezo ndi amene amadzaitanidwa yekha kukayankha zikavuta.

Mwanawe, funso la bwana wako ndi labwino, usakwiye nalo. Iye sakufunsa za masamu. Akufunsa kuti alonjeze maunduna ndalama zingati. Ndiye usayambe ndi kufotokoza njira imene munawerengera. Yamba ndi mbiri ya ofesi yanu. Tsegula mabajeti a zaka 10 zapitazi, ulembe zimene munalosera ndi zimene zinatoleredwadi, uone kuti chaka chilichonse munaphonya ndi maperesenti angati. Ukatero ubwere nazo kuno.

Kamba_Pang'onopang'ono

Ine ndimaona kuti njira yachidule ndi kupereka nambala zitatu: zikayenda bwino, zikayenda mwa masiku onse, zikavuta. Mabwana amazimva msanga zimenezo.

WaManambala

A Kamba, amazimvadi msanga, koma amazimva molakwika. Ndinaonapo kawiri. Nambala ya "zikavuta" amaitenga ngati pansi penipeni, poti sitingatsikenso kupyola apo. Pamene inuyo munangoisankha poganiza kuti chuma chikula mochepera ndi peresenti imodzi. Komanso nambala zitatu sizinena kuti iliyonse ingachitike kangati. Munthu amaganiza kuti zonse zili ndi mwayi wofanana, kapena amangotola yapakati n'kuiwala zinazo. Zitatuzo si zoipa, koma pafunika chiganizo chonena kuti zoterezi zimachitika kangati pa zaka 10.

Mlembi_Watsopano

Agogo, ndachita zimene munanena. Mu Excel ndaika zimene tinalosera mu A, zimene zinatoleredwa mu B, kenako:

```
=(B2-A2)/A2*100
```

Poyamba zinatuluka zokongola kwambiri, chaka chilichonse tinkaphonya ndi 1 kapena 2 peresenti yokha. Ndinasangalala.

Gogo_wa_Bajeti

Usasangalale. Mu A waikamo nambala ziti? Za bajeti yoyamba, kapena zimene munakonzanso pakati pa chaka?

Mlembi_Watsopano

Eee, mwandigwira. Zinali zokonzedwanso pakati pa chaka, ndi zimene zinali pafupi mufayilo. Ndabwerezanso ndi za bajeti yoyamba. Kuyambira chaka chakale kwambiri kufika chathachi zatuluka motere: +2, -3, -6, +4, -1, -9, +5, -4, -2, +1. Pamene pali chochotsera ndiye kuti tinatolera zochepa kuposa zimene tinalosera.

Gogo_wa_Bajeti

Ehe, tsopano tayamba kukambirana. Nambala yokonzedwa miyezi 6 itadutsa kale imakhala pafupi ndi zoona chifukwa theka la ndalama mwaliona kale ndi maso. Bwana wako akusankha zochita chaka chisanayambe, choncho muyeso wake ndi ulosi umene munapanga chaka chisanayambe.

Taona zimene nambala zakozi zikunena. Zaka 8 mwa 10, kuphonya kwanu sikunapitirire 5 peresenti, kaya m'mwamba kaya m'munsi. Pa mabiliyoni 1,000, 5 peresenti ndi mabiliyoni 50. Ndiye chiganizo chako chachikulu chapezeka kale: tikuyembekezera 1,000, ndipo tikaona mmene takhala tikuphonyera, ndalama zenizeni nthawi zambiri zimagwera pakati pa 950 ndi 1,050. Palibe mawu ovuta pamenepo. Mwana wa sekondale angamve.

Koma usaime pomwepo. Zaka ziwiri zimene munatuluka kunja kwa mpandawo, zonse munatulukira kumunsi, -6 ndi -9. Palibe chaka chimene ndalama zinachuluka modabwitsa chotero. Bwana ayenera kudziwa zimenezi, chifukwa ukangolemba "950 mpaka 1,050" aganiza kuti mbali zonse n'zofanana. Chaka choipitsitsa chija chitabwereranso, mutolera 910. Ulembe nambala imeneyo poyera, usaibise.

Nyenyezi_ya_Mmawa

Pepani kulowerera. Ine ndikuona ngati vuto ndi kapepesedwe. Ukalakwitsa nambala kuntchito, chofunika ndi kuvomera msanga ndi kulonjeza kuti sizidzachitikanso. Ine ndinalakwitsapo malipiro a antchito 40 mwezi wina, ndinalemba kalata yopepesa ya ndime ziwiri, nkhani inathera pomwepo.

Tsabola_Wakale

Achemwali, mwalowa nyumba ina. Mnzathuyu sanalakwitse kanthu, chaka chake sichinayambe n'komwe.

Nyenyezi_ya_Mmawa

Haa, ndinawerenga mothamanga. Komabe mawu oti "tikhoza kuphonya" kwa ine akumveka ngati kupepeseratu.

WaManambala

Mwakhudza penipeni ngakhale munalowera pawindo. Kulakwitsa malipiro ndi kulakwitsa chinthu chimene yankho lake linalipo kale, mukanatha kulipeza. Ulosi ndi wina. Ngakhale mutawerengetsa bwino chotani, simudziwa mitengo ya mafuta ya miyezi 9 ikubwerayi. Mu Januwale 2020 a IMF ankati chuma cha dziko lonse lapansi chikula ndi 3.3 peresenti chaka chimenecho. Mliri utabwera chinatsika ndi pafupifupi 3 peresenti. Anthu amenewo sanalakwitse kuphatikiza. N'chifukwa chake mu memo musamalowe mawu opepesa kapena odziteteza. Mungolemba ngati mmene dokotala amanenera kuti bala lotere limapola pa masabata awiri kapena atatu.

Ine chimene ndikufuna kuwonjezera ndi ichi, ndipo ndikuganiza kuti ndi chimene chingamudzutse bwana. Mlembi, ndalama zimene boma likufuna kugwiritsa ntchito chaka chimenecho ndi zingati?

Mlembi_Watsopano

Pafupifupi 1,100. Ndiye zoperewera zimene tiyenera kubwereka ndi 100.

WaManambala

Basi. Mukanena kuti "tingaphonye ndi 5 peresenti", bwana amva ngati kanthu kakang'ono, ayankha kuti ameneyo ndiye ulosi wabwino. Koma msonkho ukatsika kuchoka pa 1,000 kufika pa 950, zogwiritsa ntchito zili pomwepo pa 1,100, ngongole yofunika ichoka pa 100 kufika pa 150. Yakwera ndi theka lathunthu. Chaka cha -9 chija chitabwerera, ngongole ifika 190, kutsala pang'ono kuwirikiza kawiri. Malipiro a antchito a boma ndi chiwongoladzanja cha ngongole zakale sizidikira, ndiye mpata wonsewo umagwera pa kubwereka kapena pa kuimitsa ntchito zimene zinayamba kale. Muike maperesenti pambali, mulembe mabiliyoni a ngongole. Ndi nambala imene bwana wa bajeti amagona nayo m'mutu.

Kamba_Pang'onopang'ono

Apa ndagonja. Koma galafu bwanji? Banki yaikulu ya ku England inayamba mu 1996 kusindikiza galafu ija yotambasuka ngati mchira wa nkhunda, pakati pakuda, m'mbali mukunka muwala, kusonyeza kuti kutsogolo kukatalika kukayika kumakula. Mabanki ambiri anatengera. Ngati imathandiza iwo, bwanji ife?

Gogo_wa_Bajeti

Ndi galafu yabwino kwa anthu amene anazolowera kuiwerenga. Ine ndinaikapo kamodzi mu memo. Makina osindikizira a muofesi anali opanda mitundu, inki ikutha, mizere yonse inasanduka chimtambo chimodzi chotuwa. Pamsonkhano munthu wina wamkulu anaitembenuza pepala n'kufunsa ngati tiyi anatayikirapo. Theka la ola linathera pa kufotokoza galafu, za ngongole sitinakambe. Pa tsamba limodzi, malo amenewo ndi bwino apite ku ziganizo zitatu.

Tsabola_Wakale

Makina a muofesi ndiye musawatchule. Athu amadya pepala lachitatu lililonse. Mwina n'chifukwa chake mabwana amafuna tsamba limodzi.

Mai_a_Mapasa

Kwathu memo ikapitirira tsamba, mlembi wa bwana amaibweza asanaione n'komwe mwini wake. Ndipo mutu wa memo uzikhala ndi yankho kale. Osalemba "Za ulosi wa msonkho", koma "Msonkho wa chaka chamawa: tiyembekezere 1,000, tikonzekere 950". Ena amawerenga mutu wokhawo ali m'galimoto.

Mlembi_Watsopano

Mai a Mapasa, mutuwo ndautenga momwemo. Funso lina. M'malo mwa manambala ambiri, ndingagwiritse mawu ngati "mwina", "n'kutheka", "zikuoneka kuti"? Ndimaona ngati ndi ofewa kwa munthu wosakonda masamu.

WaManambala

Mawu amenewo ndi amene amasocheretsa kwambiri. Pali nkhani yodziwika ya mu 1951. Akatswiri a zaukazitape a ku America analemba lipoti loti kuukiridwa kwa dziko la Yugoslavia chaka chimenecho kunali kotheka ndithu. Mmodzi wa olembawo, Sherman Kent, m'mutu mwake ankatanthauza mwayi wa 65 pa 100. Atafunsa anzake amene anavomereza nawo mawu omwewo, anapeza kuti wina ankatanthauza 20 pa 100, wina mpaka 80. Anthu a patebulo limodzi, chiganizo chimodzi. N'chifukwa chake bungwe la IPCC, lija la zakusintha kwa nyengo, linachita kumangirira mawu ake ku manambala: liwu lina limatanthauza mwayi woposa 66 pa 100, lina woposa 90.

Inu simukufunika tebulo lotero. Mungotsata lamulo limodzi: paliponse pamene mwalemba "n'kutheka", pambali pake pakhale "zachitika kawiri pa zaka 10 zapitazi". Kuwerenga zaka anthu amakumva bwino kuposa maperesenti a mwayi.

Nkhwazi_77

Ndakhala ndikungowerenga, koma pali chimene nonse mukuchilambalala. Phatikizani manambala a Mlembi aja. Akupereka -13. Kugawa ndi zaka 10, ndiye kuti chaka ndi chaka ofesi yawo imalosera mopitirira ndi 1.3 peresenti. Zaka 6 anatolera zochepa, 4 zokha zochuluka. Sikelo yawo ndi yopendekera. Ngati mukufuna kunena zoona, nambala yapakati si 1,000, ndi 987. Kulemba 1,000 pamwamba pa memo ndi kupitiriza bodza lomwelo.

Gogo_wa_Bajeti

A Nkhwazi, masamu anu ndi olondola, koma mawu oti bodza ndi olemera. Zaka 10 ndi zochepa. Chotsani chaka chimodzi cha -9 chija, zotsalazo zikupereka -4 pa zaka 9, osafika ngakhale theka la peresenti. Kupendekera kwanu konse kwatsamira pa chaka chimodzi. Komanso 1,000 si nambala ya mwanayu, ndi ya gulu lonse, inadutsa m'manja mwa akuluakulu ake. Iye sangaisinthe yekha mu memo.

Nkhwazi_77

Agogo, chaka choipa sitichotsa chifukwa choti chikutisokonezera nkhani. Zaka zoipa ndi mbali ya moyo wa bajeti, zidzabweranso. Ndipo tonse tikudziwa chifukwa chimene ulosi wa msonkho umakonda kupendekera kumwamba: nambala ikakula, mpata wolonjeza umakulanso. N'chifukwa chake maiko ena anachotsa ntchito yoloserayi m'manja mwa unduna. Ku Britain anakhazikitsa ofesi yoima payokha mu 2010, ndipo chaka chilichonse imasindikiza lipoti lounika mmene inaphonyera.

Gogo_wa_Bajeti

Sindikutsutsa za ku Britain. Ndikuti memo ya Lachisanu si malo omenyerapo nkhondo imeneyo. Alembe 1,000, kenako chiganizo chimodzi choti tikaphonya timakonda kuphonyera kumunsi. Bwana wanzeru amva.

Nkhwazi_77

Ndipo bwana wothamanga awerenga 1,000 n'kutseka fayilo. Ine ndikanalemba 987.

Mai_a_Mapasa

987 ikumveka ngati mukudziwa mpaka kandalama komaliza, pamene nkhani yonse ndi yoti simukudziwa. Ngati n'kutsitsa, bola 990.

Mlembi_Watsopano

Ndafunsa mkulu wa gulu lathu, wati 1,000 isasinthe koma za kupendekerazo ndilembe. Pali china chimene ndapeza ndikufufuza chaka cha +5 chija. Sikuti chuma chinayenda bwino. Mitengo ya zinthu inakwera kwambiri kuposa mmene tinkaganizira, ndiye msonkho wa pa malonda unakwera nawo. Koma unduna uliwonse unabweranso kudzapempha zowonjezera chifukwa zogula zawo zinadula. Ndiye chaka chimene papepala tinapambana, m'thumba munalibe chosangalatsa.

WaManambala

Mwapeza chinthu chenicheni. Kumtunda kwa mpanda wanu, 1,050 uja, si mphatso nthawi zonse. Ndalama ya dziko ikagwa mphamvu zimachitikanso chimodzimodzi: msonkho wa pa katundu wolowa umakwera mukauwerengera m'ndalama yanu, koma ngongole zakunja nazo zimadula tsiku lomwelo. Muikemo chiganizo chimodzi chochenjeza kuti zikapitirira 1,000 asathamangire kugawa. Koma chimodzi chokha. Mukayamba kufotokoza zonse zimene zingasunthe nambala, mubwerera ku masamba atatu aja. Sankhani ziwiri zazikulu, chilichonse ndi mtengo wake m'mabiliyoni.

Gogo_wa_Bajeti

Ndipo memo ithere pa chochita. Bwana ukamuuza kuti pali chikayiko n'kumusiya pomwepo, wamusenzetsa katundu wopanda chogwirira. Muuze kuti adzadziwa liti ngati zikupita kumunsi, ndipo achite chiyani pakadali pano. Samala pamenepa: miyezi itatu yoyamba sibweretsa gawo limodzi mwa magawo anayi a ndalama za chaka, chifukwa misonkho ina imalowa nthawi zake. Uone kuti zaka zapitazi miyezi imeneyo inkabweretsa zingati pa 100.

Mlembi_Watsopano

Ndaona, imabweretsa pafupifupi 22 pa 100. Nayi memo mmene yakhalira. Ikhadzuleni.

Msonkho wa chaka chamawa: tiyembekezere mabiliyoni 1,000, tikonzekere 950

Bwana, tikuyembekezera kutolera mabiliyoni 1,000. Nambalayi ndi yapakati, si lonjezo. Pa zaka 10 zapitazi, zaka 8 ndalama zenizeni zinasiyana ndi ulosi wathu ndi 5 peresenti kapena kucheperapo. Chaka chamawa zimenezi zikutanthauza pakati pa 950 ndi 1,050.

Tikaphonya kwambiri timaphonyera kumunsi. Zaka ziwiri zotsalazo tinatolera zochepa, ndipo choipitsitsa chitabwereranso tingapeze 910.

Bajeti ikufuna kubwereka 100. Tikatolera 950 tidzabwereka 150. Tikatolera 910 tidzabwereka 190.

Zimene zingasunthe nambalayi kwambiri ndi ziwiri. Chuma chikakula mochepera ndi peresenti imodzi, titaya pafupifupi 10. Mitengo ikakwera kuposa mmene tikuganizira, msonkho udzaoneka wochuluka koma zogula za boma zidzadulanso, choncho zopitirira 1,000 zisagawidwe msanga.

Tikupempha kuti ntchito zatsopano za mabiliyoni 50 zisayambe mpaka tione miyezi itatu yoyamba. Pofika nthawi imeneyo tiyenera kukhala titatolera 220. Zikakhala pansi pa 210, ndiye kuti chaka chikulowera cha ku 950, ndipo tidzakudziwitsani sabata yomweyo.

Tsabola_Wakale

Ngakhale ine ndamva. Koma "si lonjezo" achotse, bwana aona ngati mwano.

Mai_a_Mapasa

Asachotse. Ndi mawu okhawo amene adzamuteteze chaka chikatha.

Kamba_Pang'onopang'ono

Ine 210 ija ikundidetsa nkhawa. Kampani imodzi yaikulu ikachedwa kulipira ndi sabata imodzi, ndalama zake n'kugwera mwezi wachinayi, mudzaimba belu la moto popanda moto. Zinatichitikirapo, tinaimitsa zogula, patapita masiku 10 ndalama zija zinalowa, ndipo chenjezo lathu lotsatira palibe analimvera.

WaManambala

Zoona a Kamba. Mlembi, musinthe pothera: zikakhala pansi pa 210, mudzayamba mwafunsa otolera msonkho ngati pali malipiro aakulu ochedwa, kenako n'kudziwitsa bwana. Komanso mawu oti "ndiye kuti chaka chikulowera cha ku 950" ndi olimba kwambiri pa miyezi itatu yokha. Bola "chidzakhala chizindikiro choyamba". Ndime ya chuma kukula mochepera ija, mwaiyesa ndi zaka zanu kapena mwangoganiza kuti msonkho umayenda limodzi ndi chuma ndendende? Misonkho ya phindu la makampani imagwa kwambiri kuposa chuma chenichenicho zinthu zikavuta.

Mlembi_Watsopano

Ndinangoganiza kuti zimayenda limodzi. Nthawi yoyesa bwinobwino palibe, ndiye ndalemba "10 kapena kuposerapo". Zinazo ndakonza. Ndatumiza.

Nkhwazi_77

Ndi 1,000 yake yomweyo pamwamba.

Mlembi_Watsopano

Yabwerako masana ano. Cholembera chofiira chilipo ndithu, koma pamalo awiri okha. Azunguliza 190 n'kulemba kuti, "Izi nduna yaziona?" Kenako pa mabiliyoni 50 paja alemba kuti, "Ntchito ziti? Mndandanda Lolemba." Za 1,000 sanafunsenso.

Gogo_wa_Bajeti

Mndandanda umenewo usaulembe wekha. Si ntchito ya olosera kusankha msewu umene udikire. Pita nawo kwa a zogwiritsa ntchito ndalama, iwo atchule ntchito, iwe ungotsimikiza kuti zikukwana 50.

Nkhwazi_77

Miyezi itatu ikatha mudzatiuze kuti mwatolera zingati. Ine ndasunga 987 yanga.